Phiri lobiriwira pa nsalu yobiriwira

Chithunzi cha tisheti chikamakongola pa foni, dziwani kuti sichinayesedwe. Foni imawala yokha, kumbuyo kwa chithunzi kumakhala koyera mbee, ndipo mitundu ndi yaulere. Ukafuna isanu ndi iwiri umangodina basi. Nsalu siwala, imabwera ndi mtundu wake kale, ndipo inki iliyonse imene wodinda aike pamwamba pake amailipiritsa payokha. N'chifukwa chake anthu akandipempha kuti ndiwaonere chithunzi asanapite nacho kwa wodinda, funso langa loyamba silikhudza chithunzicho. Ndimafunsa kuti chikhala pa nsalu ya mtundu wanji.

Chimene ndikufuna kukamba pano chinali cha sekondale ina yoyendera kumene ndinaphunzirako. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi inakonza ndawala ya mu Okutobala yopezera ndalama zomangira zimbudzi za atsikana, ndipo inaganiza zodinditsa matisheti 200 oti agulitsidwe kwa ana asukulu, makolo, aphunzitsi ndi ife amene tinachokako kalekale. Chithunzi anajambula mnyamata wa Fomu 3, ndipo dzanja ali nalo ndithu. Anaika phiri la kuseri kwa sukulu lobiriwira, dzuwa likutuluka kumbuyo kwake, pansi lili lachikasu kenako n'kumasanduka olenji pang'onopang'ono. M'munsi mwa phiri munali buku lotsegula la mizere ya buluu. Dzina la sukulu analilemba ndi zilembo zakuda mozungulira pamwamba, mawu a ndawalayo n'kuwalemba ofiira pansi pa buku. Kumsana kunayenera kukhala mayina a eni magolosale ndi ena amene anathandizapo.

Za nsalu ndiye komiti inali isanamvane. Msungichuma ankafuna yoyera chifukwa ndiyo imatsikirapo pogula. A tcheya ankafuna yofiira ya poliyesita, ati imaonekera patali ndipo sichedwa kuuma. A hedi ankafuna yobiriwira modera, ngati majuzi a yunifolomu. Aliyense anali ndi mfundo, koma palibe amene anayesapo kuganizira chithunzi cha mnyamata uja chili pa nsalu imene iye ankaifunayo.

Yoyera ndi yokoma kwa wodinda. Inki iliyonse imaoneka monga mmene ilili, ndipo safunika kuyala china pansi. Vuto lake ndi msewu. Mu Okutobala fumbi lakatondo limakhala lili pachimake, ndipo mwana amene wayenda ndawala atavala zoyera amafika kumapeto khosi ndi m'khwapa zitasintha kale mtundu. Kholo limene lichape tishetiyo kawiri n'kuona kuti dothi silikuchoka, chaka chamawa siligulanso. Zoyera zotchipa zimakhalanso zopyapyala moonekera mkati, ndipo atsikana ndi amayi sangazivale momasuka. Zimenezi anazinena ndi mayi wina wa m'komitimo ine ndisanatsegule pakamwa.

Yofiira ija inali ndi mavuto awiri, lina la ku shopu, lina la kumudzi. La ku shopu ndi ili. Inki imene odinda ambiri amagwiritsa ntchito, ya plastisolo, siuma ndi mphepo. Imafuna kutenthedwa mpaka pafupifupi madigiri 160 kuti ipse. Koma utoto umene anainyikamo nsalu ya poliyesita umayamba kusuntha kutentha kusanafike pamenepo, n'kukwera kulowa mu inki ili pamwamba. Zilembo zoyera pa poliyesita yofiira zimasanduka pinki. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi zina sizionekera tsiku lomwelo. Mumalandira katundu ali bwinobwino, n'kudzatsegula katoni patapita masiku zilembo zitafiirira. Inki yotchinga utotowo ilipo, koma ndi yodula, ndipo si wodinda aliyense amene amaisunga.

La kumudzi aliyense akulidziwa, kungoti pa msonkhano anthu amachita manyazi kulitchula. Kuno kwathu mitundu ili ndi eni ake. Buluu anthu amaona DPP, chikasu UDF, olenji PP, kufiira UTM, ndipo kufiira, kubiriwira ndi kuda zikakhala pamodzi amaona MCP. Ena akaona zofiira amaganiza za Maule, akaona buluu amaganiza za Manoma. Ana 200 ovala zofiira akuyenda mumsewu akuimba, munthu wa patali sangawerenge zolembedwa pachifuwa, amangoona mtundu. Ndipo bambo amene mtima wake uli ku chipani china sangagule malaya oti anzake akamuseke nawo pa bawo. Sindikunena kuti sukulu izithawa mitundu yonse, ingatsale ndi chiyani? Koma nsalu yowala ya mtundu umodzi imalankhula mokweza kuposa zilembo, ndiye ndi bwino kudziwiratu kuti ikunena chiyani.

Tinatsala ndi yobiriwira modera ya a hedi. Imabisa fumbi, anthu a m'deralo amaidziwa kale kuti ndi ya sukuluyo, ndipo ya thonje inkapezeka. Imatentha padzuwa kuposa yoyera, zimenezo sitinabise, koma ndawala inali yoyamba m'mamawa. Tsono apa m'pamene chithunzi chija chinagwera m'mavuto.

Ndinamuitana mnyamatayo, tinaika chithunzi chake pa kompyuta ya ku ofesi, n'kusintha kumbuyo kwake kukhala kobiriwira modera. Phiri linasowa. Dzina la sukulu lakuda lija linamira moti umachita kuyandikira kuti uliwerenge. Mizere ya buluu inatsala pang'ono kusowa. Mawu ofiira ankaoneka, koma ankapweteka m'maso, ngati akunjenjemera. Iye anati, "Koma akulu, kufiira ndi kubiriwira n'zosiyana kwambiri. Zikukanika bwanji?" Funso labwino. Diso powerenga silidalira kwambiri kusiyana kwa mitundu, limadalira kusiyana kwa kuwala ndi kudera. Kufiira ndi kubiriwira modera ndi mitundu iwiri yosiyana, koma kudera kwake n'kofanana. Njira yoonera ndi yapafupi: tengani chithunzicho pa foni, muchichotse mitundu chikhale chakuda ndi choyera. Chilichonse chimene chasungunuka n'kufanana ndi nsalu, mumsewu sichidzawerengeka. Titatero, mawu ofiira aja anangoti zii. Palinso anthu, makamaka aamuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira. Kwa iwo tishetiyo ikanakhala yopanda mawu.

Kenako tinawerenga inki. Podinda ndi sikilini, mtundu uliwonse umakhala ndi sikilini yake, yomwe ndi nsalu ya timabowo tating'onoting'ono yokungidwa pa felemu, ndipo wodinda amakoka inki pamwamba pake ndi mphira kuti idutse pamalo otseguka okha. Sikilini iliyonse amaikonza payokha, amailipiritsa payokha, ndipo tisheti iliyonse imadutsa pansi pake. Chithunzi cha mnyamatayu chinali ndi mitundu isanu ndi umodzi: wakuda, wobiriwira, wofiira, wachikasu, olenji ndi buluu. Kuyera kwa buku iye sanakuwerenge chifukwa kunali kuyera kwa pepala, koma pa nsalu yobiriwira kuyera ndi inki. Imeneyo yachisanu ndi chiwiri. Kuphatikiza ya kumsana, masikilini 8. Pa matisheti 200, ndiye kuti kukoka ka 1,600, osawerengera zoti yoyera pa nsalu yodera nthawi zambiri amaikoka kawiri kuti ikhute. Komanso mashopu ambiri ang'onoang'ono makina awo amanyamula masikilini anayi okha, ena amadindira pa tebulo. Mtundu uliwonse wowonjezera ndi mwayi wina woti dzanja liphonye pang'ono, mitundu n'kusemphana, chikasu n'kutulukira kunja kwa mzere wake.

Tisheti ya ndawala cholinga chake n'kusiya ndalama m'thumba la komiti. Ndalama iliyonse yopita ku inki yachisanu ndi chimodzi ndi njerwa imene sifika pa chimbudzi. Apa msungichuma anayamba kugwedeza mutu movomera.

Ilipo njira ina imene yafala masiku ano, ya DTF, yomwe amasindikiza chithunzi pa pulasitiki n'kuchimata pa nsalu ndi makina otentha. Imeneyo siwerenga mitundu, imawerenga kukula kwa chithunzi, ndipo chithunzi cha mnyamata uja chikanatuluka chonse mpaka dzuwa lake losintha mtundu. Matisheti akanakhala 20 ndikanati tipite kumeneko. Koma pa 200 siitsika kwenikweni, pomwe sikilini ukangolipira kukonza kwake, tisheti iliyonse yowonjezera imatchipirapo. Chithunzi chachikulu chomata chimamvekanso pachifuwa ngati chigamba cha pulasitiki, sichipuma.

Tinagwirizana za inki ziwiri, yoyera ndi yachikasu chodera pang'ono, ndipo mtundu wachitatu tinautenga kwaulere ku nsalu. Phiri sitinalidinde n'komwe. Tinadinda dzuwa lachikasu, n'kusiya m'munsi mwake mopanda inki motsata mapendekeredwe a phirilo, mwakuti nsalu yobiriwira ija ndiyo ikuoneka ngati phiri latchinga dzuwa. Mnyamatayo poyamba anakwinya nkhope poona kuti phiri lake tikulifufuta, koma ataliona litabwerera lokha anaseka. Iyeyo ndiye anakonzanso mzere wa pamwamba pa phiri kuti nsonga zake ziwiri zizindikirike, poti aliyense wa kumeneko amalidziwa ndi nsongazo.

Dzuwa losintha kuchoka ku chikasu kupita ku olenji tinalisiya. Sikilini sidziwa kuchepetsa inki pang'onopang'ono, imangodziwa kutsegula kapena kutseka. Kuti mtundu uoneke ngati ukuzilala amaugawa m'timadontho, ndipo timadonthoto timafuna sikilini ya timabowo tosalala kwambiri ndi wodinda wozolowera. Zikapanda kutero, timatsekeka pakati pa ntchito, tisheti yoyamba ndi ya nambala 150 n'kukhala zosiyana. M'malo mwake tinajambula dzuwa lathunthu ndi mizere yonenepa ya cheza chake. Buku linakhala loyera, koma osati chibanthu chimodzi. Tinalitsegula ndi mizere yosiya nsalu kuonekera pamene panali buluu paja. Inki yambiri pamalo amodzi imalemera, imasunga thukuta, ndipo ndi imene imayamba kung'aluka.

Pali kanthu kena ka chikasu kamene anthu ambiri sakadziwa. Chikasu ukachiika mwachindunji pa nsalu yodera chimafooka, chimaoneka ngati chobiriwira chakuda. Chimafuna choyera pansi pake. Mwayi wake, sikilini yoyera tinali nayo kale ya buku ndi zilembo, ndiye inagwira ntchito ziwiri: wodinda amayamba wayala choyera paliponse pamene padzakhale inki, n'kuumitsa pang'ono, kenako n'kuika chikasu pamwamba pa dzuwa pokha. Ndinapempha kuti choyera cha pansi pa dzuwacho achichepetse m'mbali ndi theka la milimita, kuti dzanja likaphonya pang'ono kasamasuzumire kamzere koyera m'mphepete. Masikilini anatsika kuchoka pa 8 kufika pa 3, awiri kutsogolo, imodzi kumsana.

Zilembo nazo tinazigwira. Dzina la sukulu linali m'kalembedwe kopotanapotana, kokhala ndi timichira topyapyala. Pa nsalu, kamzere kosakwana theka la milimita kamaduka kapena kutsekeka ndi inki, ndipo timabowo ta mkati mwa "a" ndi "e" timadzaza. Tinasankha zilembo zonenepa, zosakometsera, dzina la sukulu lotalika masentimita atatu, mawu a ndawala masentimita awiri. Tsiku la ndawala, limene a tcheya ankafuna lilembedwe lalikulu, ndinakana. Tisheti yolembedwa tsiku imakalamba mawa lake, ndipo zotsala sizigulikanso. Yolembedwa dzina la sukulu lokha ndi cholinga chake mukhoza kuigulitsabe pa tsiku lotsekera teremu. A tcheya anati, "Ndiye anthu adzakumbukira bwanji kuti tinayenda liti?" Tinakumana pakati: chaka chokha, chaching'ono, kumsana.

Malo oika chithunzi ndi nkhani imene pa kompyuta sungaithe. Mnyamatayo anachiika pakati penipeni pa tisheti, kuyeza kuchokera pakhosi mpaka pansi. Pa pepala n'zolondola. Pa munthu, pakati pa tisheti ndi pamimba. Chithunzi chimayenera kuyambira masentimita 7 kapena 8 pansi pa kolala, pafupifupi zala zinayi za munthu wamkulu, ndipo pa masaizi aang'ono chimakwera pang'ono. Kwa ife pali chifukwa china chosatsitsira: anyamata asukulu amapisira, ndipo amayi amamanga chitenje pamwamba pa tisheti. Chilichonse chimene chili m'munsi mwa nthiti chimakwiririka. Mawu a ndawala aja, omwe ndiwo uthenga weniweni, anali pamalo pomwe pamadutsa mfundo ya chitenje.

Tinachita zimene ndimachita nthawi zonse. Tinasindikiza chithunzi pa pepala mu kukula kwake kwenikweni, kuchidula m'mbali, n'kuchimata ndi selotepi pa tisheti yobiriwira yobwereka. Tinaveka mwana wochepa thupi wa Fomu 1, kenako mphunzitsi wa samu amene amavala XXL, kenako mayi uja wa m'komiti, aliyense n'kuima kumapeto kwa khonde ife tili kuno. Tisheti ya S ukaiyala imakhala pafupifupi masentimita 46 m'lifupi, ya XXL imapitirira 60, koma sikilini ndi imodzi, sikula ndi munthu. Chithunzi cha masentimita 30 chinkalowa m'khwapa mwa mwana uja, dzina la sukulu n'kupindikira kumbali. Cha 21, chomwe ndi m'lifupi mwa pepala la A4, pa aphunzitsi aja chinkaoneka chosochera. Tinakhazikika pa 25, ndipo m'litali sitinalole kupitirira 24.

Mayi uja ndiye anaona chinthu chimene amuna tonse tinali tisanachione. Dzuwa lozungulira lija, pamene linali, linkagwera pamalo poti mtsikana aliyense angachite nalo manyazi, ndipo anyamata a sekondale mukuwadziwa pakamwa pawo. Anangoti, "Bambo, ana athu aakazi savala zimenezi. Likwezeni, kapena lisakhale lobulungira chonchi." Tinaliphwatalala kukhala theka lotambalala lotuluka kuseri kwa phiri, n'kuchepetsa mpata pakati pa ilo ndi dzina la sukulu kuti zonse zikwere. Kuyambira pamenepo sindivomereza chithunzi cha pachifuwa chimene sichinayesedwe pa munthu wamkazi.

Za kumsana sindinatayepo nthawi yambiri. Inki imodzi yoyera, kuyambira masentimita 10 pansi pa kolala, mayina m'mizere yowongoka. Ena mwa othandizawo anatumiza zizindikiro za mabizinesi awo zamitundumitundu, zojambulidwa ndi foni pa chikwangwani. Tinawafotokozera kuti tilemba mayina okha, onse mofanana kukula, kuopa kuti wina angadandaule kuti lake lachepa. Anawo ambiri amabereka zikwama, ndiye kumsana si malo oika uthenga umene mukufuna kuti aliyense auone. Chimene ndinalimbikira ndi kalembedwe ka mayinawo. Aliyense anaonetsedwa dzina lake pa pepala n'kuvomereza, ndipo anthu atatu osiyana anawerenga mawu onse a pa tisheti, mmodzi kuyambira kumapeto kubwerera m'mbuyo. Diso likadziwa kale chimene chalembedwa limalumpha chilembo chosowa, ndipo sikilini ikakonzedwa ndi cholakwa, cholakwacho chimabadwa ka 200.

Potumiza kwa wodinda, musatumize ngati chithunzi wamba pa WhatsApp. Imachifinya, m'mbali mwa zilembo n'kukhala manomano. Tumizani PDF kapena SVG ngati fayilo, mtundu uliwonse pa tsamba lake, wakuda bii pa choyera, ndi miyezo yolembedwa m'masentimita. Za mtundu wa chikasu musadalire mawu kapena foni, poti chikasu cha foni yanu si cha foni yake. Ife tinapita ndi kachidutswa ka nsalu ka chikasu chimene tinkafuna, iye n'kusakaniza inki akuyang'ana pamenepo.

Chomaliza chinali tisheti imodzi yoyesera, yodindidwa pa nsalu yeniyeniyo ndi inki yeniyeniyo, ena 199 asanakhudzidwe. Wodinda wina amanyinyirika chifukwa ayenera kukonza masikilini onse kaamba ka tisheti imodzi, koma masikiliniwo ndi omwe adzagwiritse ntchito, palibe chotayika. Tinaiona panja padzuwa, osati pansi pa getsi la mu shopu. Tinakoka nsalu pamene pali buku: inki yopsa bwino imatambasuka n'kubwerera, yosapsa imang'aluka ndipo ming'aluyo imatsala. Tinapukuta dzuwa ndi kansalu koyera konyowa kuona ngati chikasu chikutsatira. Kenako tinaipereka kwa mayi uja kuti akaichape mmene amachapira kwawo, ndi sopo wa mtanda, kufikisa, kuyanika padzuwa, katatu. Inki inagwira. Nsalu inafupika pang'ono monga thonje limachitira, zomwe zinatiuza kuti amene ali pakati pa masaizi awiri azitenga yokulirapo. Chimene chinafunika kukonza chinali chimodzi: chithunzi chinapendekera kumanzere pafupifupi sentimita, zomwe tinaziona titapinda tishetiyo pakati kutsata misoko ya m'mapewa. Wodinda anajambula mzere wa pakati pa thabwa lake, ndipo a hedi anasayina pa kapepala kokhomedwa pa tisheti yoyeserayo kuti ena onse afanane nayo.

Ndinawachenjezanso kuti matisheti onse agulidwe nthawi imodzi kwa wogulitsa mmodzi, chifukwa kubiriwira modera kwa katoni iyi ndi kwa katoni ya mwezi wamawa sikufanana, ndipo ana akaima pamzere kusiyanako kumaonekera. Pogulitsa, tisheti iliyonse inapita ndi kapepala ka mizere iwiri: chapani ndi kusita mutaitembenuza, ndipo ayironi isakhudze inki. Ambiri kumeneko amasitira ya makala, yomwe kutentha kwake sungakuyeze, ndipo plastisolo ikakumana nayo imasungunuka n'kumatirira pansi pa ayironi, kenako n'kukadetsa malaya oyera a yunifolomu amene asitidwe pambuyo pake.